Gule wa bambo woledzera: masewera kapena nkhanza?

"Kalasi yathu inagawanika titawerenga ndakatulo ya Theodore Roethke yotchedwa My Papa's Waltz. Ena akuti bambo akusewera ndi mwana wake, ena akuti akumuzunza. Ndani akulondola?"

Zikomo polemba. Tiyambe ndi zimene zili papepala. M'mizere 16 ija mnyamata akuvina ndi bambo ake amene akununkha mowa. Akuvina mpaka mapoto akugwa pashelefu, ndipo mayi akwinya nkhope. Bambo akaphonya sitepe, khutu la mwana likukhula pachitsulo cha lamba. Pomaliza bambo akumutengera kogona, iye atagwirabe malaya awo.

Tsono taonani zimene mlakatuli sananene. Sanatiuze ngati mwanayo akuseka kapena akulira. Sanatiuzenso chimene chakwiyitsa mayi: mapoto, mowa, kapena zimene akudziwa kuti zimatsatira mowa. Katswiri wa zolembalemba Wolfgang Iser ankati malo otere ndi mipata, ndipo wowerenga aliyense amaitseka yekha mosazindikira. Katswiri mnzake Louise Rosenblatt anali atanena kale m'buku lake la 1938 kuti tanthauzo limabadwa pamene wowerenga akumana ndi mawu, atanyamula moyo wake wonse.

Amene bambo ake ankabwera madzulo atalawa pang'ono n'kumunyamula paphewa amamva kuseka m'khitchinimo. Amene ankabisala akamva bambo akubwera akudzandira amamva mantha. Mpata waukulu uli m'ndime yomaliza, pamene bambo akugogoda pamutu pa mwana ndi chikhatho chouma ndi dothi. Mneni wa Chingerezi amene Roethke anasankha, "beat", amatanthauza kumenya munthu, komanso kugogoda motsatira nyimbo. Owerenga onse awiri aja akuwerenga liwu lomwelo.

Palinso mbali ya katswiri wina, Stanley Fish, amene m'buku lake la 1980 anati timawerenga monga magulu. Amene anaphunzira za nkhanza za m'banja amaona msanga lamba ndi khutu. Amene anakulira kumunda amaona dothi la m'chikhatho, n'kudziwa kuti bamboyu wangoweruka kumene. Ndipotu bambo ake a Roethke ankalima maluwa ku Saginaw, m'chigawo cha Michigan ku America, ndipo anamwalira mu 1923 iye ali ndi zaka 14.

Koma musatenge mfundoyi ngati chilolezo chonena chilichonse. Muyeso wake ndi uwu: funsani gulu lililonse mzere umene likuulambalala. Onena za nkhanza afotokoze chifukwa chake mwana akukakamirabe malaya. Onena za masewera afotokoze chifukwa chake mlakatuli, m'ndime yoyamba yomwe, akuyerekeza kukakamirako ndi imfa. Gulu limene lingokhala chete pamenepo lawerenga mbiri yake, osati ndakatulo.

Ine ndikaiwerenga ndimamva munthu wamkulu akukumbukira bambo amene ankawakonda ndi kuwaopa nthawi imodzi, ndipo kuwerenga kumeneku sikundikakamiza kutaya mzere uliwonse. Mukabwerera m'kalasi, aliyense awerenge ndime yomaliza mokweza, mumve mmene mawu ake akusinthira akafika pachikhatho paja.