Chiwongoladzanja chikakwera ndi peresenti imodzi, bondi yanu itsika ndi zingati?

"Ndine mphunzitsi ku Katete. Ndangogula kumene bondi ya boma ya K10,000, ya zaka 2, yolipira 12 peresenti pachaka. Mnzanga akuti chiwongoladzanja chikakwera ndi peresenti imodzi ndiluza, ndipo akutchula za dyuresheni. Ndingaiwerengere bwanji ndekha, nanga ndingaluze zingati?"

Aphunzitsi, itsika ndi pafupifupi K173, koma ndalamayo ingakuchokereni m'thumba pokhapokha mutagulitsa bondiyo nthawi yake isanakwane. Mukaisunga mpaka kumapeto, boma likupatsani makuponi anu onse, kutanthauza chiwongoladzanja chimene bondi imakulipirani, ndi K10,000 yanu monga munapanganirana.

Chotsitsa mtengo ndi ichi. Kuponi yanu sisintha. Mabondi ofanana ndi yanu akayamba kupatsa 13 peresenti, palibe amene angakupatseni K10,000 yathunthu pa bondi ya 12 peresenti. Aigula motsikirako, mpaka phindu lake lifike pa 13 pomwepo. Dyuresheni ndi nambala yotiuza kukula kwa kutsikako.

Tengani pepala ndi kakyuleta ya pafoni. Mabondi a boma la Zambia, omwe amagulitsidwa kudzera ku Banki Yaikulu, amalipira kuponi pa miyezi 6 iliyonse. Inu muzilandira K600 kanayi, msonkho usanadulidwe, ndipo ulendo wachinayi ibwera pamodzi ndi K10,000 ija, kukhala K10,600. Ndikutenga kuti munagula pa K10,000 yeniyeni, ndiye kuti phindu la pamsika la bondi yanu, limene akubanki amati yildi, lili pa 12 peresenti pachaka, kapena kuti 6 peresenti pa miyezi 6.

Choyamba pezani kuti ndalama iliyonse ya m'tsogoloyo ikufanana ndi zingati lero. K600 yobwera pakatha miyezi 6 muigawe ndi 1.06, ituluka K566.04. Tanthauzo lake n'lakuti K566.04 itaikidwa lero pa 6 peresenti, ikafika pa K600 miyezi 6 ikatha. Yachiwiri muigawe ndi 1.06 kawiri, yachitatu katatu, yomaliza kanayi. Kenako iliyonse muichulukitse ndi zaka zimene muidikire.

```
0.5 x   566.04 =    283.02
1.0 x   534.00 =    534.00
1.5 x   503.77 =    755.66
2.0 x 8,396.19 = 16,792.38
```

Musanapitirire, phatikizani manambala apakatiwo. Ayenera kukwana K10,000, mtengo wa bondi lero. Akapanda kukwana, penapake mwagawa ndi 1.06 mochepa kapena mopitirira, bwererani. Akumanjawo akuphatikizana kukhala 18,365.06. Gawani imeneyi ndi 10,000, mupeza zaka 1.84.

Imeneyi ndiyo dyuresheni ya Macaulay, dzina la katswiri wa zachuma Frederick Macaulay amene anaifotokoza mu 1938. Ikunena kuti ngakhale bondi ndi ya zaka 2, mukasakaniza ndalama zobwera msanga ndi zobwera mochedwa, kudikira kwanu ndi kwa zaka 1.84. Ili pafupi kwambiri ndi 2 chifukwa mtolo waukulu, K8,396 ija, uli kumapeto.

Kuti nambalayi iyankhe za mtengo, igaweninso ndi 1.06 kamodzi. Mupeza 1.73, dyuresheni yosinthidwa. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amagawa ndi 1.12 poona kuti yildi ndi 12 peresenti pachaka, n'kupeza 1.64. Bondi yolipira kawiri pachaka imafuna theka la yildi.

```
kusintha kwa mtengo (%) = -1.73 x 1 = -1.73%
1.73% ya K10,000 = K173
```

Ndiye mtengo ufika cha m'ma K9,827. Peresenti imodzi imene tikunena pano ndi kuchoka pa 12 kufika pa 13, osati kuchoka pa 12 kufika pa 12.12.

Ndi bwino kuyesa ngati njira yachiduleyi ikunena zoona. Bwerezani kugawa kuja, koma tsopano ndi 1.065, theka la 13 peresenti. Ndalama zinayizo ziphatikizana kukhala K9,828.71, kutanthauza kuti mtengo watsika ndi K171.29. Dyuresheni yaphonya ndi K2 yokha, ndipo yaphonyera kokuopsezani. Pa bondi wamba ngati yanuyi zimatero nthawi zonse: chiwongoladzanja chikakwera, dyuresheni imakulitsako kutsika, chikatsika imachepetsako kukwera. Chifukwa chake n'chakuti yildi ikamakwera, dyuresheni nayo imanka nichepa, pamene ife tagwiritsa nambala imodzi yomweyo kuyambira pa 12 mpaka pa 13.

Ine ndikuona kuti pa bondi yanuyi palibe chosowetsa tulo. K173 siifika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuponi imodzi ya K600, komanso dyuresheni imachepa bondi ikamayandikira kutha, ndiye chaka chamawa chiopsezocho chidzakhala chitachepa kale.

Pamene nambalayi ingakuthandizeni zenizeni ndi tsiku limene mudzakopeke ndi bondi yaitali. Boma limagulitsanso za zaka 3, 5, 7, 10 ndi 15. Tiyerekeze ya zaka 10, ya K10,000, kuponi ndi yildi zili pa 12 peresenti pomwepo. Dyuresheni yake ya Macaulay ndi zaka 6.08, yosinthidwa ndi 5.73. Onani kuti zaka zachuluka kasanu koma dyuresheni yangochuluka katatu ndi pang'ono, chifukwa makuponi 20 amabweza gawo lalikulu la ndalama tsiku lomaliza lisanafike. Kukwera kwa peresenti imodzi komwe kuja kuitsitsa ndi pafupifupi K573 mwa kuyerekeza, ndipo mukawerenga bwinobwino ndi K551. Yildi itadumpha kuchoka pa 12 kufika pa 17, dyuresheni inena K2,867 pamene kutsika kwenikweni ndi K2,366. Kuphonya kwa K500 si kwamasewera, ndiye pa kudumpha kwakukulu werengani mtengo wonse mwatsopano. Koma uthenga wake wamveka: ndalama imene mudzaifune mu Okutobala yogulira fetereza kapena mu Januwale ya fizi ya ana siyenera kugona m'bondi ya dyuresheni 5.73.

Makuponi 20 ndi ambiri kuwerenga pamanja. Ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta ya Excel, lembani chonchi, ndi masiku a bondi yanu m'malo mwa awa: loyamba ndi tsiku logula kapena logulitsa, lachiwiri ndi tsiku lothera.

```
=MDURATION(DATE(2025,1,15),DATE(2027,1,15),0.12,0.12,2)
```

Ituluka 1.73 yathu ija. 0.12 woyamba ndi kuponi, wachiwiri ndi yildi, ndipo 2 womalizayo ndi kulipira kawiri pachaka. Manambala awiri a 0.12 amenewa afanana chifukwa cha chitsanzo chathu chokha. Ngati munagula pamtengo wochepera K10,000, yildi yanu ili pamwamba pa kuponi. Pogawa gwiritsani yildi, ndipo peresenti ya kutsika muichotse pa mtengo wa pamsika, osati pa K10,000 yolembedwa.

Mukamva pawailesi kuti Banki Yaikulu yakweza chiwongoladzanja chake, musathamangire kuchulukitsa ndi 1.73. Chimene chimasuntha mtengo wa bondi yanu ndi yildi ya mabondi a zaka zofanana ndi yanu, ndipo imatha kusuntha pang'ono, kwambiri, kapena osasuntha n'komwe. Yang'anani zotsatira za malonda a mabondi zimene Banki Yaikulu imatulutsa, pamzere wa zaka 2. Ndipo mukafuna kugulitsa, kaya kudzera kubanki yanu ku Chipata kapena kwa bulokala wa ku LuSE, msika wa masheya ndi mabondi wa ku Lusaka, funsani mtengo umene akupatseni m'manja atachotsa zawo, chifukwa pa bondi yaing'ono ngati iyi zodula zawo ndi mtengo wa wogula zitha kukudyerani zoposa K173.