Kadamsana wagwera pa Venus wanu: mudikire mpaka liti?

"Patchati changa chobadwira, Venus ali pa digiri 14 ya Pisces. Kadamsana wa mwezi wa pa 7 Sepitembala 2025 uja anagwera pomwepo, ndipo chichokereni tsikulo ine ndi bambo akunyumba sitikumvana. Zimenezi zitha liti?" Awa ndi mayi ena a ku Chilomoni. Tchati chobadwira chimasonyeza pamene panali dzuwa, mwezi ndi mapulaneti monga Venus pa nthawi imene munthu anabadwa, ndipo Pisces ndi chimodzi mwa zigawo 12 zimene openda nyenyezi amagawa thambo.

Achemwali, usiku umenewo nanenso ndinali pakhonde kuno ku Blantyre, kuyang'ana mwezi utafiira ngati njerwa yootcha. Unali pa digiri 15 ya Pisces, digiri imodzi yokha kuchoka pa Venus wanu. Openda nyenyezi ambiri amati kadamsana wakhudza pulaneti ngati kutalikirana sikupitirira madigiri atatu, choncho mwa kawerengedwe kawo, wanuyu anakhudzidwadi.

Pa za nthawi, lamulo lakale ndi la Ptolemy wa ku Alexandria, amene analemba m'zaka za m'ma 100. Iye anati muwerenge maola amene kadamsana watenga. Akakhala wa dzuwa, ola lililonse ndi chaka. Akakhala wa mwezi, ola lililonse ndi mwezi umodzi. Wa Sepitembalayu, mthunzi unayamba kudya mwezi cha m'ma 6:27 madzulo n'kuusiya cha m'ma 9:56, pafupifupi maola atatu ndi theka. Ndiye kuti miyezi itatu ndi theka, kukathera cha ku Khirisimasi. Apa ambiri amaphonya powerenga mphindi 82 zokha zimene mwezi unaphimbikiratu, n'kupeza masabata asanu ndi limodzi.

Koma dziwani kuti Ptolemy ankanena za maiko ndi mizinda, za chilala ndi nkhondo, osati za banja la munthu mmodzi. Ndi chifukwa chake openda a masiku ano ambiri amatsata njira ina. Amati mphamvu ya kadamsana imakhala mpaka nyengo ina ya akadamsana itafika, zomwe zimachitika pakapita masiku pafupifupi 173. Kwa inu ndi Febuluwale ndi Malichi 2026. Amawonjezeranso kuti nkhani imatha kudzuka pamene Mars akudutsa pa digiri yomweyo, ndipo kudutsa kwake pa 15 Pisces ndi chakumapeto kwa Malichi 2026.

Chimene ndimachikonda ine n'choyang'ana m'mbuyo. Kadamsana amakonda kubwerera pa digiri yomweyo pakatha zaka 19. Pa 7 Sepitembala 2006 kunali kadamsana wa mwezi pa 15 Pisces pomwepa. Khalani pansi mukumbukire chaka chimenecho. Ngati chinadutsa mwakachetechete, musadzipweteke mtima ndi wa 2025.

Ndikuuzeninso poyera: awa ndi malamulo a openda nyenyezi, si zoyesedwa ndi sayansi, ndipo mwaona nokha kuti akusiyana ndi miyezi iwiri kapena itatu. Musadikire Malichi muli chete m'nyumba. Yambani kukambirana ndi bambowo sabata ino, ndipo zikakanika, itanani ankhoswe.