Imelo ya kwa amalume: nkhani ikhale pamwamba

"Agogo, ndinalembera amalume imelo yaitali ya zomanga chiliza kumudzi, koma akuti pa foni yawo sanaone pamene ndinatchula ndalama. Kodi kufupikitsa malonje si mwano?" Watero mdzukulu wa ku Matero, mu mzinda wa Lusaka.

Mdzukulu wanga, moni usamutaye, koma umuchepetse. Amalume ako akamatsegula foni, mwina ali m'minibasi yopita ku Kulima Tower, amangoona dzina lako, mutu wa kalata, ndi mawu ochepa oyambirira. Ena onse amabisika mpaka atadina. Ukadzaza kamalo kameneko ndi kufunsa za mvula, za ana ndi za mwendo wa azakhali, iwo aganiza kuti ndi kalata yongocheza, aisiyira mawa.

Mutu ukhale wa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa foni imadula mutu wautali. Lemba kuti: "Chiliza: K500 pofika pa 30 Juni." Kenako moni ndi pempho ziyendere limodzi: "Amalume, moni. Ndikupempha kuti mutumize K500 ya chiliza pasanafike pa 30 Juni. Zonse ndafotokoza m'munsimu." Ulemu ulipo, nkhani ilipo. Za moyo wa pakhomo uzifunse kumapeto, ndipo kumeneko tambasula mmene ungafunire. Ine ndimaona kuti kuyendetsa munthu wamkulu ndi chala mpaka pansi kufunafuna chimene wamuitanira, mwano weniweni ndi umenewo.

Tsono ndime. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, makamaka olembera pa kompyuta ya kuntchito. Ndime yooneka ya mizere itatu pa kompyuta, pa foni imatalika kawiri kapena katatu, chifukwa foni ndi yopapatiza. Maso a munthu wachikulire akataya mzere m'kati mwa mulu wa mawu wotere, saupezanso. N'chifukwa chake ndime iliyonse isenze nkhani imodzi, m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ina inene mtengo wa simenti ndi mmisiri, ina inene amene akusonkhanitsa ndalama ndi njira yotumizira, ina tsiku la mwambo. Pakati pa ndime usiye mzere wopanda kanthu. Ndalama kapena tsiku zikhale koyambirira kwa ndime, osazikwirira pakati.

Pali kachizolowezi kena koipa: kudina Enter kumapeto kwa mzere uliwonse kuti zioneke bwino pa kompyuta. Pa foni mizere yotere imaduka molakwika, wina wautali, wotsatira wa mawu awiri okha. Lembabe chiganizo mpaka chithe, foni idzapinda mizere yokha.

Usanatumize, dzitumizire wekha kalatayo, uitsegule pa foni yako. Usanasunthe chala, kodi waona chimene ukupempha, ndalama zake ndi tsiku? Ngati ndime imodzi yadzaza galasi lonse, igawe pawiri. Ukakonza, uwatumizirenso amalume, ndipo uwaimbire kuwauza kuti awerenge yatsopanoyo, yakale aisiye.