Fakitoriyo ya theka: √π akuchokera kuti?

"Akuluakulu a masamu thandizeni. Ndalemba 0.5! pa foni yandipatsa 0.886, koma kalikuleta yanga yakana. Ine ndimadziwa kuti 4! ndi 4 × 3 × 2 × 1. Nanga theka munthu angayambe kuchulukitsa pati?"

Achimwene, zida zanu zonse ziwiri sizikunama. Kalikuletayo ikutsata tanthauzo lomwe tonse tinaphunzira kusekondale, la manambala athunthu okhaokha, ndipo pamenepo theka alibe malo. Foniyo ikugwiritsa ntchito tanthauzo lina lotambasuka, la fankishoni yotchedwa Gama, yomwe Leonhard Euler anayamba kuifufuza m'makalata ake opita kwa Christian Goldbach mu 1729 ndi 1730. Chilembo cha Γ anadzachibweretsa ndi Legendre pambuyo pake. Tanthauzolo ndi ili:

Γ(z) = ∫₀^∞ t^(z−1) e^(−t) dt, pamene z > 0

Apa palibenso kuwerenga 1, 2, 3. Tikuyeza malo omwe ali pansi pa mzere wokhota, ndipo mzerewo ungajambulidwe kaya z ndi 5 kaya ndi 0.5. Funso n'lakuti malo amenewa akukhudzana bwanji ndi fakitoriyo.

Tengani Γ(z+1) muigwire ndi njira ija ya ∫u dv = uv − ∫v du. Ikani u = t^z ndi dv = e^(−t) dt. Gawo la uv limakhala −t^z e^(−t), ndipo limafa mbali zonse ziwiri: pa t = 0 chifukwa t^z ndi ziro, ndipo t akamakula e^(−t) amachepa mofulumira kuposa mmene t^z angakulire. Chotsala ndi z kuchulukitsa intigilo yoyamba ija. Ndiye kuti:

Γ(z+1) = z · Γ(z)

Γ(1) ndi intigilo ya e^(−t) yokha, yomwe ndi 1. Choncho Γ(2) = 1, Γ(3) = 2, Γ(4) = 6, Γ(5) = 24. Mwaiona fakitoriyo? Koma taonani bwino, yasendera ndi sitepe imodzi: Γ(5) ndi 4!, osati 5!. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amataya malikisi. Γ(n) = (n−1)!, ndiye 0.5! yanuyo ndi Γ(3/2), osati Γ(1/2). Ine kusenderaku sindikukonda ngakhale pang'ono. Gauss ankalemba Π(z) yomwe imagwirizana ndi z! ndendende, koma dziko linatsata Legendre, ndiye tingozolowera.

Lamulo la Γ(z+1) = z · Γ(z) lili ngati makwerero. Mukadziwa popondera pamodzi, pena ponse mufikapo. Manambala athunthu amayambira pa Γ(1). A theka amayambira pa Γ(1/2), ndipo ntchito yeniyeni ili pomwepo.

Γ(1/2) = ∫₀^∞ t^(−1/2) e^(−t) dt

Musachite mantha kuti 1/√t akuthawira m'mwamba t akayandikira ziro. Amakwera pang'onopang'ono moti malo a pansi pake ali ndi malire: intigilo ya 1/√t kuchokera 0 kufika 1 ndi 2 basi. Tsopano ikani t = u². Pamenepo dt = 2u du, ndipo t^(−1/2) = 1/u. Ma u awiriwo amadyana, n'kutsala

Γ(1/2) = 2∫₀^∞ e^(−u²) du

ndipo poti e^(−u²) ndi wofanana kumanja ndi kumanzere, izi n'chimodzimodzi ndi intigilo ya e^(−u²) kuchokera −∞ kufika ∞. Tiitche I.

Musataye usiku wonse kufunafuna fankishoni yomwe mukaidifarensheta ipereke e^(−u²). Mwa mafankishoni wamba omwe timawadziwa mulibemo. Nzeru yake ndi yozungulira kumbuyo: m'malo mofuna I, funani I². Lembani I kamodzi ndi x, kachiwiri ndi y, muchulukitse:

I² = ∫∫ e^(−(x² + y²)) dx dy

Tsopano tachoka pa mzere, tili pabwalo lonse lathyathyathya. Ndipo x² + y² ndi r², pomwe r ndi mtunda kuchokera pakati. Malo onse otalikirana mofanana ndi pakatipo ali ndi msinkhu umodzi, ngati chulu chozungulira bwinobwino. Ndiye m'malo moduladula bwalolo timabokosi, tilidule timphete. Kamphete kamene kali pa mtunda r, kokhuthala dr, kali ndi malo 2πr dr. π wathu walowera pamenepa, m'kuzungulira kwa mpheteyo.

I² = ∫₀^∞ e^(−r²) · 2πr dr

r wowonjezerayo ndi amene timamusowa poyamba paja. Ikani s = r², ds = 2r dr, intigilo isanduka π∫₀^∞ e^(−s) ds, yomwe ndi π × 1. Choncho I² = π, ndipo poti I ndi malo a pansi pa mzere womwe sutsika pansi pa ziro, timatenga ruti ya pozitivu:

Γ(1/2) = √π ≈ 1.7725

Amene amagwiritsa ntchito r ndi θ asaiwale kuti dx dy amasanduka r dr dθ. Mukasiya r ameneyo mubwerera pa intigilo yomwe ija munaithawa.

Kukwera makwerero tsopano n'kosavuta. Γ(3/2) = (1/2)√π ≈ 0.8862, yomwe ndi nambala ya pa foni yanu. Γ(5/2) = (3/2)(1/2)√π = 3√π/4 ≈ 1.3293. Γ(7/2) = (5/2)(3/2)(1/2)√π = 15√π/8 ≈ 3.3234. Pamwamba pakubwera manambala osagawika ndi 2, pansi ma 2 okhaokha. Mukafuna kudumpha osakwera limodzilimodzi:

Γ(n + 1/2) = (2n)! √π / (4^n · n!)

Yesani n = 3: 720 kugawa ndi 64 × 6, kapena kuti 720/384, ndi 1.875, yomwe ndi 15/8 yomwe ija.

Njira yodziwira ngati mwasochera ndi kuyang'ana oyandikana nawo. Γ(7/2) ndi 2.5!, ndiye iyenera kukhala pakati pa 2! = 2 ndi 3! = 6. 3.32 ikukwanamo. Mukapeza 11.63 dziwani kuti mwakwera sitepe imodzi mopitirira, imeneyo ndi Γ(9/2). Muyesowu umapusitsa pamalo amodzi: 0! ndi 1, 1! ndi 1, koma 0.5! yatsika kufika 0.886. Si cholakwa. Mzere wa Gama umatsetsereka pang'ono pakati pa z = 1 ndi z = 2, n'kufika pansi penipeni cha pa z = 1.46, kenaka n'kuyamba kukwera.

Wina afunsa za Γ(−1/2). Intigilo ija pamenepo siigwira, chifukwa t^(−3/2) amakwera mwachangu kwambiri pafupi ndi ziro moti malo ake alibe malire. Chomwe timachita ndi kutsika makwerero chafutambuyo, Γ(z) = Γ(z+1)/z, n'kupeza Γ(−1/2) = −2√π ≈ −3.545. Mukailemba ngati yankho la intigiloyo mwalakwa, pakuti intigilo ya chinthu cha pozitivu singatuluke negetivu. Pa 0, −1, −2 ndi manambala ena athunthu a m'munsi ngakhale makwererowo amathyoka, chifukwa mufika pogawa ndi ziro.

Chenjerani ndi Excel. `FACT(0.5)` imadula theka lija mwakachetechete n'kukupatsani 1. Lembani `GAMMA(1.5)`. Pa Python:

```python
import math
print(math.gamma(1.5), math.sqrt(math.pi) / 2)
```

Ndipo ngati mukufuna kuona theka ameneyu akugwira ntchito pa chinthu chomwe mumachidziwa kale, voliyumu ya mpira m'madaimenshoni n ndi π^(n/2) r^n / Γ(n/2 + 1). Ikani n = 3. Pamwamba pali π√π · r³, pansi pali Γ(5/2) = 3√π/4. Ma √π adyana, chotsala ndi (4/3)πr³ ya kusekondale ija.