Chepetsani mafulemu kaye, kukula kwa chithunzi mukusiye komaliza

"Ndinajambula sikirini ya kompyuta kwa maola awiri ndikuphunzitsa anthu matebulo a manambala mu Excel. Fayilo yatuluka 3.6 GB, ya 1920x1080 pa 60 fps. Ndikufuna itsike kufika 200 MB, koma nditaichepetsa kufika pa 480p manambala anasiya kuwerengeka. Nditani?"

Achimwene, bwererani ku fayilo yoyamba ija, ya 480p muitaye, chifukwa zimene zafufutika sizibwereranso. Ndipo ulendo uno kukula kwa chithunzi musakukhudze mpaka njira zina zonse zitalephera.

Chifukwa chake nachi. Chilembo cha pa sikirini chimamangidwa ndi timadontho towerengeka, mapikiselo. Nambala ya mu tebulo ikakhala yotalika mapikiselo 10 pa sikirini ya 1080, pa 720 imatsala ndi pafupifupi 7, ndipo pa 480 imatsala ndi anayi kapena asanu. Ndi timadontho tinayi simungasiyanitse 3 ndi 8, kapena 6 ndi 5. Nkhope ya munthu ikachita chimbuuzi timaizindikirabe, koma nambala ikachita chimbuuzi yatha ntchito.

Mafulemu ndiwo muli nawo ochuluka mopitirira muyeso. Zithunzi 60 pa sekondi zimafunika pa masewero othamanga. Pa phunziro lanu chimene chikuyenda ndi kamuvi ka mausi ndi zilembo zimene mukutayipa basi. Mafulemu 10 pa sekondi amakwana bwino lomwe. Pa 5 kamuvi kamayamba kudumphadumpha, ndipo wophunzira akhoza kuphonya pamene mwadina, choncho 5 ndimasiyira vidiyo ya masamba ongoonetsa amene amakhala osasintha kwa nthawi. Ngati mumatsetsereza tsamba kawirikawiri, ikani 15. Ndi bwino kusankha nambala imene imalowa mu 60 popanda chotsala, monga 10, 12 kapena 15, kuti mafulemu otayidwa azitayidwa mofanana.

Koma musayembekezere kuti kuchoka pa 60 kufika pa 10 kuchepetsa fayilo kasanu ndi kamodzi. H.264, njira yofala yopanikizira vidiyo, sisunga chithunzi chilichonse chathunthu, imasunga zimene zasintha kuchokera pa chinzake. Sikirini ikangokhala chete, mafulemu obwerezawo amadya malo ochepa kwambiri. Chimene chinatupitsa fayilo yanu kwenikweni ndi pulogalamu yojambulira. Tawerengani: 3.6 GB pa masekondi 7200 ndi pafupifupi 4000 kbps, muyeso wa malo amene vidiyo ikudya pa sekondi iliyonse, ndipo mapulogalamu ambiri amathira mlingo wokhazikika wotere kaya sikirini ikuyenda kaya ili phee. Mankhwala ake ndi kuipanganso vidiyoyo ndi CRF, njira imene imapereka malo ambiri pamene pali kusintha, n'kumana pamene palibe.

Tsono tiwerenge zimene 200 MB ikukulolani. Pa maola awiri, ndi pafupifupi 220 kbps, mawu ndi chithunzi pamodzi. Apa ndi pamene ambiri amaiwala mawu. Ngati anajambulidwa pa 160 kbps, okhawo akudya 144 MB, n'kusiyira chithunzi nyenyeswa. Liwu la munthu mmodzi limamveka bwino pa 48 kbps mu njira imodzi, imene amati mono, ndipo pamenepo lidya 43 MB yokha. Chithunzi chitsala ndi pafupifupi 157 MB.

Musayambe ndi vidiyo yonse ayi, mungadikire nthawi yaitali n'kupeza zosakomera. Dulani mphindi ziwiri ndi ffmpeg, pulogalamu yosinthira vidiyo imene mumailamula potayipa, pamalo pamene pali manambala ang'onoang'ono ndiponso mukutsetsereza tsamba:

```
ffmpeg -ss 00:40:00 -t 120 -i phunziro.mp4 -vf fps=10 -c:v libx264 -crf 28 -preset slow -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 48k -ac 1 yesa.mp4
```

Mphindi ziwiri zimalowa ka 60 m'maola awiri, choncho kafayilo koyeserako kakakhala 3.3 MB kapena kucheperapo, mwafika. Popeza mwasankha malo otanganidwa, vidiyo yonse nthawi zambiri imatuluka yocheperapo kuposa chiwerengerocho. Kakapitirira, kwezani `-crf` kufika 30 kapena 32. Nambalayi ikamakwera fayilo imachepa, ndipo kuonjezera 6 kumaidula pafupifupi pakati. Ine kupyola 32 pa vidiyo ya zilembo sindilangiza.

Poyang'ana zotsatira, musaonere pa kawindo kakang'ono. Tsegulani sikirini yonse, muimitse vidiyo pamalo awiri: pamene tsamba lakhala chete, ndi pamene mwangomaliza kumene kutsetsereza. Zilembo zikafufutika kwa kanthawi kochepa tsamba likuyenda kenako n'kuyera, palibe vuto, palibe amawerenga tsamba likuthamanga. Zikakhala ndi tinthu ngati udzudzu m'mbali mwake ngakhale tsamba laima, CRF yakwera kwambiri, itsitseni. Koma zikakhala zofewa paliponse nthawi zonse, ngakhale mutatsitsa CRF, vuto ndi kukula kwa chithunzi, ndipo CRF siingakonze zimenezo. Muyang'anitsitse manambala ofiira ndi abuluu, chifukwa ndiwo amayamba kuonongeka: `yuv420p` imasunga mitundu pa theka la kukula kwa chithunzi mopingasa ndi mochoka m'mwamba. Pali `yuv444p` imene imasunga mitundu yonse, koma mafoni ndi masakatuli ambiri amakana kuisewera, ndiye kwa ophunzira anu ingokhala mutu wina.

Ngati fayilo ikanali yaikulu, dulani m'mbali musanaganize zochepetsa. Mzere wa mapulogalamu wa pansi, wotchi ndi mbali yopanda kanthu sizithandiza wophunzira. Kulemba `-vf "fps=10,crop=1280:720:0:150"` m'malo mwa `-vf fps=10` kumatenga chigawo cha 1280x720 kuyambira kumanzere, mapikiselo 150 kuchokera pamwamba. Mapikiselo atsika kuchoka pa 2,073,600 kufika pa 921,600, koma chilembo chilichonse chatsala monga chinalili. Ingotsimikizani kuti palibe pamene munadina kunja kwa chigawocho, apo ayi anthu azimva mukunena "dinani apa" osaona kanthu.

Kuchepetsa kwenikweni kumaloledwa pamene zilembo zinali zazikulu kale. Amene anajambula sikirini ya 3840x2160 zilembo zitakulitsidwa ndi 200% akhoza kutsika pa 1920x1080 mosadandaula, poti akungodula pakati ndendende. Inu mukakakamizika, lekezerani pa 720 ndi `-vf "fps=10,scale=-2:720:flags=lanczos"`, muyesenso pa mphindi ziwiri zomwe zija. Ka `-2` kaja kamasunga maonekedwe a chithunzi ndi kuonetsetsa kuti m'lifupi ndi nambala yogawika ndi 2, chifukwa libx264, imene imapanga H.264 mu lamulo lija, imakana yosagawika.

Kanthu kena kamene kamadzidzimutsa anthu pambuyo pake ndi kudumpha. Mwachizolowezi libx264 imaika chithunzi chathunthu pakatha mafulemu osapitirira 250. Pa 10 fps amenewo ndi masekondi 25, pa 5 fps ndi 50, ndipo mapulogalamu ena oonera amachedwa kapena kukubwezani m'mbuyo mukafuna kulumphira pakati. Onjezani `-g 100` kuti pa 10 fps akhale masekondi 10. Fayilo ikulako pang'ono, chifukwa pa sikirini yosayenda zithunzi zathunthuzo ndizo zimadya malo, koma pa phunziro la maola awiri anthu adzabwerera m'mbuyo kambirimbiri.

Mukakhutira, chotsani `-ss` ndi `-t` pamodzi ndi manambala ake, muonjezere `-movflags +faststart` kuti vidiyo iziyamba kusewera isanatsitsidwe yonse. Ngati kutayipa malamulo sikukusangalatsani, HandBrake ili nazo zomwezi: pa Video ikani Framerate pa 10 ndi Constant Quality pa RF 28, pa Audio musankhe Mono ndi Bitrate ya 48, ndipo pa Dimensions muonetsetse kuti Resolution Limit siikutsitsa chithunzi pansi pa 1080.