Mtima ukundigunda kwambiri ndili ndi pathupi, kodi ndi bwino?

Adokotala, ndili ndi pathupi pa miyezi 7. Ndikamachokera kumjigo mtima umagunda mpaka kuumva m'makutu. Kusikelo makina anaonetsa 96, chonsecho pa ulendo woyamba anaonetsa 80. Apongozi akuti ndi mmene zimakhalira. Ndide nkhawa? Mayi wa ku Bembeke, Dedza.

Mayi, pa nambala imeneyi apongozi anu akunena zoona. Pathupi pakamakula magazi amachuluka m'thupi, mwina kuonjezekera ndi pafupifupi theka la amene munali nawo kale, chifukwa ena ayenera kupita ku chiberekero kukadyetsa mwana. Mtima ndiye umakankha magazi onsewo, choncho umaonjezera liwiro pang'onopang'ono kuyambira miyezi yoyambirira, ndipo umafika pachimake m'miyezi itatu yomaliza. Amayi ambiri umawaonjezekera ka 10 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Wanu waonjezekera ka 16. Mukachira udzabwerera mwakale m'masabata ochepa.

Za kumjigo sizikundidetsa nkhawa pazokha. Kukwera zitunda za ku Dedza ndi ndowa pamutu, mwana ali m'mimba, mtima sungalephere kufulumira. Chimene ine ndimafuna kudziwa ndi chakuti mukatula ndowayo n'kukhala pansi, mtimawo ukutsika kapena ayi.

Yesani nokha motere. Khalani pansi mphindi 10 osagwira ntchito. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, mpaka mumve kagundidwe. Wina akuyang'anireni nthawi pafoni, inu muwerenge kwa mphindi yathunthu. Chitani zimenezi m'mawa masiku angapo, ndipo muzilemba. Mukamapeza pakati pa 80 ndi 100, thupi lili bwinobwino, pitirizani sikelo pa masiku amene anakupatsani. Mukamapeza zopitirira 100 mobwerezabwereza mutapuma, kaonaneni ndi azamba sabata yomweyo, osadikira tsiku lolembedwa m'kabuku. Zikafika 120 mutakhala phee, pitani tsiku lomwelo.

Ndikunena izi chifukwa kwathu kuno mtima wofulumira kawirikawiri umaulula kuchepa kwa magazi. Magazi akachepa mphamvu, mtima umalipirira pogunda msanga kuti mpweya ufike paliponse. Mayi wotere amatopa ndi ntchito yaing'ono ngati kusesa, amachita befu, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera, ndipo ena amalakalaka kudya dothi. Azamba akayeza magazi n'kupeza osakwana 11, ndiye kuti achepa. Osakwana 7 ndi vuto lalikulu, makamaka kwa munthu amene watsala pang'ono kuchira, chifukwa pobereka magazi amatayika ndithu. Pamenepa ndifunse: mapiritsi oonjezera magazi aja mukumwa tsiku lililonse? Amayi ambiri amawasiya chifukwa cha nseru kapena chimbudzi chakuda. Kudako si matenda. Ngati akukuchititsani nseru, imwani usiku mutadya, koma osamwera tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kulandira bwino mankhwalawo.

Chachiwiri ndi malungo. Musanyengeke ndi kuzizira kwa kwanuko n'kusiya neti. Kutentha thupi kulikonse kumafulumizitsa mtima, ndipo malungo amaphwanyanso magazi. Mtima ukafulumira pamodzi ndi kutentha thupi, kuphwanya m'thupi kapena kupweteka pokodza, kayezetseni tsiku lomwelo, ngakhale mukhale kuti Fansida wa kusikelo mukumwa. Kusanza ndi kutsegula m'mimba nakonso kumatero chifukwa madzi amatha m'thupi. Mwa apo ndi apo vuto limakhala chithokomiro.

Pali zina zimene sizifuna kuwerenga n'komwe. Mtima ukamagunda kwambiri kwinaku mukutaya magazi kumaliseche, mukumva kupweteka koopsa m'mimba kapena pachifuwa, mwakomoka, mukubanika mutangokhala, mukulephera kugona chagada mpaka kudzuka usiku kufuna mpweya, kapena mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, pezani thiransipoti nthawi yomweyo, ngakhale pakati pausiku. Chimodzimodzi mtima ukayamba mwadzidzidzi kuthamanga mosalongosoka osasiya. Ngati munauzidwapo muli mwana kuti muli ndi vuto la mtima, auzeni azamba ngakhale simukumva kanthu, chifukwa pathupi pamavumbula matenda amene anali atabisala.

Kulumpha kamodzikamodzi, kokhala ngati mtima waphonya kenako n'kupitiriza, kumachitikira amayi ambiri oyembekezera ndipo nthawi zambiri sikuvulaza. Mukagona chagada n'kumva chizungulire ndi mtima kufulumira, ndi chiberekero chapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima. Tembenukirani kumanzere, zimatha m'mphindi zochepa.

Pa ulendo wotsatira wa kusikelo tengani manambala amene mwalemba, ndipo pemphani kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi ngati sanayezenso chiyambire. Ndowa ija akuthandizeni ena, kapena muzitunga theka.