Zaka 100 m'masamba awiri: gwirani fodya, zinazo zisiyeni

"Aphunzitsi, atipatsa ntchito yolemba masamba awiri okha, kufotokoza zimene zinasintha ndi zimene sizinasinthe m'Malawi kuyambira 1900 mpaka 2000. Ndadzaza kale masamba asanu koma ndikadali pa Chilembwe. Ndidule ziti?" Watero wophunzira wa chaka choyamba wa ku Eriya 25.

Achimwene, masamba asanuwo asungeni m'chikwama, muyambirenso. Vuto si kutalika. Mwayamba kulemba musanasankhe funso, ndiye chilichonse chimene chinachitika chikuoneka choyenera kulowa. Ndinkachonga mapepala otere ndili kusekondale: ndime iliyonse imayamba ndi "kenako", ndipo pepala limatha Kamuzu asanatsike ndege ku Chileka mu 1958.

Sankhani chinthu chimodzi chimene mungachifunse funso lomwelo mu 1900, mu 1950 ndi mu 2000. Poti muli ku Lilongwe, tengani fodya. Funso likhale ili: mlimi wa kumudzi akalima fodya, ndani ankamuuza mtundu woti alime, koti agulitse, ndi mtengo wake? Funso limeneli ndiye sefa yanu. Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ndi nkhani yaikulu, koma ngati sichikuyankha funsoli, chipatseni theka la chiganizo kapena chisalowe n'komwe.

Tiyeni tiliyankhe kaye tisanakambe za ndime. Kumayambiriro kwa zaka zimenezi, fodya wogulitsa kunja ankalimidwa makamaka m'minda ya azungu kumwera, ndi thukuta la anthu a thangata. Cha m'ma 1920, azungu awiri, A. F. Barron ndi mnzake Wallace, anayamba kugawa mbewu kwa alimi a kuno ku Lilongwe kuti azilima fodya wa chikopa n'kumawagulitsa iwowo. Alimi anachulukana msanga, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loti lizilemba alimi m'kaundula ndi kuyang'anira misika. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, bungweli linali litayamba kugula lokha fodya wa alimi a m'midzi n'kukamugulitsa pa okushoni ku Limbe. Mtengo umene mlimi ankalandira unali wotsika poyerekeza ndi wa ku okushoni, ndipo zotsalazo zinkakhala m'manja mwa bungwe.

Tsopano yang'anani chimene chinachitika ufulu utabwera mu 1964. Bungwe silinafe. Linali litasintha kale dzina kangapo, linali Farmers Marketing Board kuyambira 1962, ndipo mu 1971 linakhala Admarc. Mlimi wa ku Mitundu kapena ku Kasiya ankanyamulabe fodya wake kupita pa sikelo ya wogula mmodzi, pa mtengo woikidwa ndi boma. Lamulo la mbewu zapadera linasungira maesiteti fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, ndipo phindu la Admarc linathandiza kukuza maesiteti a anthu apamwamba m'boma ndi m'chipani. Mpanda umenewu unayamba kugumuka mu 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, mokakamizidwa ndi mabungwe obwereketsa ndalama monga Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Posakhalitsa makalabu a alimi anayamba kufikitsa mabelo awo ku Kanengo.

Mwaona chimene chatuluka? Pa nkhani ya fodya, 1964 si malire. Malire enieni ali pa 1926 ndi pa 1990. Apa ndi pamene wochonga amadzuka pampando, chifukwa mwagawa zakazo potsata umboni wanu, osati potsata masiku a tchuthi a pa kalendala. Ophunzira ambiri amadula pa 1964 asanaganize, ngati kuti mbendera itasintha ndiye kuti ndi sikelo yomwe inasintha.

Ndime yoyamba ikhale yankho lanu lonse m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mwachitsanzo: "Pakati pa 1900 ndi 2000, olamulira Malawi anasintha kuchoka kwa atsamunda kupita ku chipani chimodzi, kenako ku zipani zambiri, koma kwa zaka zoposa 60 mlimi wa fodya anali pansi pa bungwe la boma pa zolima ndi zogulitsa. Kusintha kwakukulu kwa iye kunabwera mu 1926 ndi mu 1990, osati mu 1964." Basi. Musayambe ndi Livingstone, musayambe ndi kutanthauzira mawu akuti mbiri.

Pakatipo ndime zitatu, imodzi pa nyengo iliyonse: 1900 mpaka 1926, 1926 mpaka 1990, 1990 mpaka 2000. Sizifunika kufanana kutalika. Yapakatiyo itenge pafupifupi theka la pepala, chifukwa ndi mmene muli mtsutso wanu. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kugawa pepala pawiri, tsamba loyamba zosintha, lachiwiri zosasintha. Zikatero zimangokhala mindandanda iwiri yosalankhulana. Ziikeni m'chiganizo chimodzi kuti zikhudzane: "Ngakhale eni maesiteti ambiri tsopano anali Amalawi, lamulo linkatsekerabe mlimi wa kumudzi kunja kwa fodya wopindulitsa." Mawu ngati "ngakhale", "komabe" ndi "pomwe" ndiwo amagwira ntchito imeneyi. Werengani "kenako" amene ali m'pepala lanu. Akapitirira awiri, mwabwerera ku nthano.

Chinanso chimene ambiri amaiwala: chinthu chikakhala chosasintha, pali amene akuchigwira kuti chisasunthe, ndipo muyenera kumutchula. Kungolemba kuti "izi zinapitirira" si kufotokoza. Chifukwa chiyani boma la Amalawi linasunga chida cha atsamunda? Dziko linalibe migodi yaikulu ngati Zambia, ndiye ndalama za boma zinkayenera kuchokera m'munda, ndipo wogula mmodzi ndi njira yosavuta yotapira ndalamazo popanda kuzitcha msonkho. Komanso eni maesiteti ankafuna antchito ndi matenanti, amene sakanabwera akanakhala kuti akupeza bwino pa minda yawo. Zifukwa ziwirizi zikukwanirani. Chimodzimodzi pa 1990, nenani chimene chinakankha: ngongole za boma, kuluza kwa Admarc m'zaka za m'ma 1980, ndi zofuna za obwereketsa.

Samalani ndi mawu akuti "palibe chinasintha". Ndi okoma m'kamwa koma ndi abodza, ndipo wochonga wodziwa adzakufunsani ngati thangata la ku Magomero mu 1915 ndi lofanana ndi kalabu ya alimi ya mu 1998. Sizofanana. Wa thangata ankagwira ntchito kulipira malo okhala, wa kalabu anali ndi belo lake ndi nambala yake. Chimene chinatsala ngakhale pambuyo pa 1990 n'chakuti ogula ku okushoni anali makampani ochepa, ndipo mlimi sankatchula mtengo. Imeneyo ndiyo mfundo ya ndime yomaliza: nenani chimene chikulemera kwambiri, kusintha kapena kusasintha, ndipo munene kuti kwa yani.

Chilembwe wanu musamutaye yense. Alowe m'ndime ya nyengo yoyamba ndi chiganizo chimodzi, monga umboni wa mkwiyo wa anthu pa thangata. Muikenso chiganizo china chovomereza kuti nkhani yanu yatsamira ku Chigawo Chapakati. Wa ku Thyolo akanatsata tiyi ndi malo, wa ku Mzimba akanatsata maulendo a ku Joni, ndipo malire ake akanagwera pa 1974, pamene ndege yonyamula a Wenela inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Mukamaliza, tumizani ndime yoyamba yokhayo ndiione.